Bolopeni Yofiira ndi ya Buluu

Mkazi wanga analowa uphunzitsi chaka chimene boma latsopano linati pulayimale ndi yaulere. Ana anatuluka m'madoko monse, ena akununkha usipa, ena aakulu oti akanatha kupalasa bwato okha mpaka ku chilumba cha Mbenji, ndipo aphunzitsi anachepa. Boma linalemba ntchito aliyense amene anali ndi pepala la sekondale. Iye anali ndi la Fomu 2, limene linagona zaka zambiri m'sutikesi pansi pa zitenje. Anamuphunzitsa masabata owerengeka, kumupatsa choko, n'kumuimika pansi pa mtengo wa mango ndi ana oti ukawawerenga umasokonezeka n'kuyambiranso.

Ine ndinafika Fomu 4. Ndinali kalaliki pa depoti ina imene inatsekedwa zinthu zitasintha, ndiye ndinayamba kukonza mainjini a maboti padoko. Ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Injini ikakana kulira ndimaitukwana, ndipo mwini wake akayankhula zopusa naye amalandira zake. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi chinthu chosalongosoka. Pulagi ya injini imakhala yabwino kapena yakufa, palibe za pakati.

Patapita zaka zingapo anawaitana aphunzitsi osaphunzira ntchitowo, gulu ndi gulu, kuti akakhale ku koleji teremu imodzi. Ukachoka kumeneko umabwerera kusukulu yako, kumaphunzitsa kwinaku ukuwerenga wekha, ndipo pamapeto pake kumabwera mayeso. Wokhoza amalandira setifiketi n'kukhala mphunzitsi weniweni. Wolephera amamupatsa mwayi wobwereza, akalepheranso choko amasiya. Mkazi wanga ntchito imeneyi ankaikonda moti ndinkachita nayo nsanje. Ana akamukuwira kuti "Madamu!" pamsika, ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano.

Ku koleji anabwerako ndi milu iwiri ya mapepala. Mulu woyamba unali manotsi, zimene alekichala ankanena m'kalasi iye n'kumalemba mothamanga, m'Chingerezi, mawu ena odukaduka. Mulu wachiwiri unali zidule za mabuku. Mabuku kumeneko anali ochepa, ndipo sankalola kutuluka nawo. Ndiye amayi a m'chipinda chimodzi anapangana: aliyense atenge mutu umodzi, auwerenge, aufupikitse, enawo akopere. Ankati ndi chipereganyu cha mitu. Nzeru yake inali yabwino, chifukwa munthu mmodzi sakanamaliza mabuku onsewo. Koma zinatanthauza kuti mkazi wanga anabwera ndi zidule za mabuku amene ambiri mwa iwo sanawatsekuleko ndi dzanja lake, zopanda nambala ya tsamba, zopanda chaka chimene bukulo linasindikizidwa.

Poyamba ankawerenga milu iwiriyo payokhapayokha. Lero manotsi, mawa zidule. Ndinamuona akuloweza chinthu chimodzi kawiri, osazindikira kuti ndi chomwecho changosintha malaya.

"Mayi, mukutunga madzi ndi ndowa ziwiri zobooka," ndinamuuza. "Phatikizani zimenezi zikhale buku limodzi."

"Ndiye muziphatikiza ndinu, a Fomu 4?"

"Ndani winanso? Mbuzi?"

Tinagula kope lalikulu la chikuto cholimba. Tinkakhala pakhonde masana iye akaweruka, ine manja nditasamba ndi sopo wochapira koma oilo akadali m'zikhadabo. Inali nyengo ya mwera, ndiye mapepala tinkawatsindira ndi masipanala ndi mapulagi akale. Ine ndinkafuna tizingokopera zonse motsatana, basi, ziyere. Iye anakana. Anati zochokera m'manotsi azilemba ndi bolopeni ya buluu, zochokera m'zidule ndi yofiira, ija yochongera ana.

"Kuti zitani? Kukongoletsa?"

"Kuti tsiku lina chikadzandivuta ndidzadziwe kuti ananena ndani."

Ndinang'ung'udza, koma apa anandiposa, ndipo ndinazindikira sabata yomweyo.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Mitu tinkatsata ya manotsi, chifukwa alekichala ankatsata silabasi. Pa mutu uliwonse ine ndinkawerenga chidule mokweza, iye chala chili pa manotsi. Pamene awiriwo akunena chimodzi, ankalemba kamodzi kokha, kusankha amene wanena momveka, n'kuika kachizindikiro m'mphepete kuti apa agwirizana. Pamene chidule chili ndi chitsanzo chimene alekichala anadumpha, ankachilowetsa pansi pake ndi yofiira. Pamene manotsi aduka pakati pa chiganizo chifukwa dzanja linatopa, chidule chinkamalizitsa. Milu ija inayamba kuphwa, kope n'kumanenepa. Masiku amenewo ndinkasangalala ngati injini imene ndinaiphwasula yalira kamodzi n'kamodzi.

Mikangano ina inali yabodza. M'Zaulimi, manotsi ankati mizere ya chimanga italikirane masentimita 90, chidule chinkati mafiti atatu. Iye anagwira mutu. Ine ndinakatenga tepi m'bokosi la zida, kuitambasula pakhonde pomwepo.

"Onani apa. Tembenuzani muone uku. Kusiyana kwake n'kachala. Bukulo ndi la kale, la nthawi ya mafiti, basi."

Anaseka, n'kulemba masentimita ndi buluu, mafiti ndi yofiira pambali pake. Zina zinali zolakwitsa za wokopera: nambala yotembenuka, mawu oti "osati" atagwa m'njira. Zimenezo tinkazigwira poona kuti chidulecho chikudzitsutsa chokha mizere ingapo pansi pake. Zina zinali mayina awiri a chinthu chimodzi. Zonsezi zinkatheka.

Ndiye tinafika m'phunziro la Sosho, pa mutu wa kayendetsedwe ka boma.

Manotsi ankati nyumba za malamulo m'dziko muno ndi ziwiri: ya aphungu, ndi ina yotchedwa Seneti, mokhala mafumu ndi oimira maboma ndi magulu osiyanasiyana a anthu. Alekichala anachita kufotokoza ntchito zake, tsamba lonse lathunthu. Chidule chinkati nyumba ndi imodzi, ya aphungu, ndipo za Seneti munalibe ngakhale liwu limodzi.

Mkazi wanga anatenga rula, kujambula mzere pakati pa tsamba kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kumanzere analemba za buluu, kumanja za yofiira. Pamwamba anaika chizindikiro cha funso chachikulu ngati mbedza ya kampango.

"Izi n'zosavuta," ndinatero. Ine wailesi ndinkamvera, nkhani imeneyi ndinkaidziwa. "M'malamulo atsopano oyendetsera dziko analembamo nyumba ziwiri. Koma yachiwiriyo anati idikire kaye, sinayambe. Alekichala akunena zolembedwa, buku likunena zimene zilipo. Kapena bukulo ndi la nthawi ya chipani chimodzi. Onse akunena zoona. Lembani zimenezo, titsekule tsamba lina."

"Ndamva, bambo. Koma akandifunsa kuti nyumba ndi zingati, ndilembe zingati?"

"Ndangokuuzani kumene!"

"Mwandiuza zoona zake. Ine ndikufunsa za mayeso. Wochonga amakhala ndi pepala la mayankho. Ine ndimachonga ana, ndikudziwa. Ukakhala ndi mulu wa mapepala suwerenga nkhani, umayang'ana ngati yankho lafanana ndi lako."

Ndinati atsate alekichala, chifukwa ofunsa mayeso ndi iwowo. Ku sekondale ndi mmene tinkachitira pa mayeso a pasukulu: mphunzitsi ndi buku akasemphana, tsata amene agwire pepala lako. Iye anapukusa mutu. Mayeso awa anali amodzi dziko lonse, makoleji onse, ndipo pepala lake likanatha kugwera lekichala wa kwina amene sanamuonepo. Ndinati ndiye tsatani chatsopano. Anandifunsa kuti chatsopano ndi chiti, poti chidulecho chinalibe chaka. Ngati bukulo linali lakale, buluu wapambana. Koma ngati linasindikizidwa malamulo atasintha kale, n'kusiya Seneti dala poti kulibe, ndiye kuti mwina ofunsa mayeso nawonso amawerenga lomwelo.

Ndinamenya tebulo, mapulagi anagubuduka.

"Iwe, tsamba limodzi lomweli litidyere mwezi?"

"Lero ndasanduka iwe?" anatero, osakweza mawu, akutola mapepala amene mphepo inayamba kuulutsa.

Amene anafupikitsa mutu umenewo anali mnzake wa m'chipinda, mayi wina wophunzitsa cha ku Chitala. Loweruka lina ndinamukweza mkazi wanga pakaliyala ya njinga mpaka pamsewu, kenaka matola, kenaka wapansi m'minda ya chimanga chouma. Tinamupeza mayiyo akutonola chimanga pamkeka. Anakumbatirana, kufunsana za ana, za matenda, za anzawo onse a m'chipinda mmodzimmodzi, ine nditakhala pampando ngati katundu. Kenaka kope linatuluka.

"Amwali, mutu uwu munautenga m'buku liti?"

"Lija lobiriwira lija."

"La chaka chanji?"

"Ine ndidziwa? Linalibe chikuto, masamba oyamba anathothoka. Kubiriwirako ndi kwa pepala limene analikutira."

"Za Seneti munalibe, kapena munazidumpha pofupikitsa?" Ndinafunsa ndine, ndipo mwina mawu anga anatuluka ngati a wapolisi.

"Alamu, ndinali ndi masiku awiri, buku likudikiridwa ndi anthu ena. Zimene ndinaona ndi zimene ndinalemba. Mukufuna ndilumbire?"

Anakatenga manotsi ake. Iye Sosho ankaphunzira ndi lekichala wina, poti magulu anali osiyana. Wakeyo anawalembetsa kuti nyumba ndi imodzi, ndipo pansi pake panali mawu oti "Seneti" okhaokha, opanda chilichonse chotsatira. Mayiyo anati akukumbukira kuti belu linalira pamenepo.

Tinapita ndi mayankho awiri, tinabwerako ndi awiri ndi theka, komanso thumba la mtedza. M'matola mkazi wanga ankangotembenuza masamba a kope lija. Titatsika anati, "Ndiye kuti mitu ina yonse ija anafupikitsanso chonchi? Masiku awiri, buku lopanda chikuto?"

Apa ndiye pamene zinaipira. Kufikira tsiku limenelo ankakhulupirira kope lake. Kuchokera tsiku limenelo inki yofiira iliyonse ankaiyang'ana ngati nsomba yogona. Anabwerera m'masamba amene tinamaliza kale, kumafunsa kuti apa wokopera sanadumphe kanthu? Ndipo buluu nayenso anayamba kumukayikira, poti ngati alekichala awiri a koleji imodzi akusiyana, wake angakhale wolondola bwanji paliponse? M'mphepete munadzaza timafunso ta pensulo. Ine ndinkakalipa kuti masamba ogwirizana ndi ochuluka, awerenge amenewo, tsamba limodzi silingamugwetse. Ankavomera, n'kutsekula mutu wina, koma pakapita kanthawi ndinkaona chala chabwerera pa mzere uja.

Ndinayesa kumene ndikanatha. Ahedi a pasukulu pake anati iwo anaphunzira nthawi ya atsamunda, za masiku ano afunse ana. Ndinapalasa njinga mpaka ku boma kukafuna buku la malamulolo, ndinangomva kuti lilipo koma amene amasunga sanabwere. Ndipo ngakhale ndikanalipeza, likanandiuza zimene ndinkadziwa kale. Padoko nkhani inamveka, asodzi n'kumandiseka.

"Amakaniko, mwazipeza nyumba zija? Tiuzeni, mwina ina ili ndi chipinda cha lendi!"

Mmodzi ndinamuthamangitsa ndi sipanala mpaka m'madzi.

Chiyembekezo chomaliza chinali mlangizi wa maphunziro, bambo wina amene ankayendera masukulu a dera lathu pa njinga yamoto kudzaona ophunzira uphunzitsiwo akuphunzitsa. Tsiku limene anabwera ndinasiya injini ya munthu ili yophwasula n'kukaima kuseri kwa mtengo wa mango. Atamaliza kuonera phunziro, mkazi wanga anagwada pambali pake n'kumuonetsa tsambalo. Bamboyo anavala magalasi, kuwerenga kumanzere, kuwerenga kumanja.

"Mwachita bwino kwambiri, madamu. Ophunzira ambiri sachita zimenezi. Amangosakaniza."

"Zikomo, bwana. Nanga pamayeso ndilembe ziti?"

"Zimatengera mmene funso labwerera."

Ndinatulukira. "Bwana, pepani, ndine mwamuna wawo. Funso likabwera kuti ndi zingati, ndi zingati?"

Anandiyang'ana kuyambira ku oilo wa m'malaya mpaka kumapazi. Sanakwiye. Anavula magalasi aja n'kunena motsitsa mawu.

"Bambo, ine mayeso sindifunsa, sindichonga. Nditati ziwiri, iwo n'kulephera, mudzandisaka ndi chitsulo chimene chili m'thumba mwanucho. Dziko lasintha mofulumira kuposa mabuku. Ifenso tikungoyendera momwemo."

Ndinafuna kumutukwana, koma ndinasowa pomugwira. Munthuyo sananame. Anakwera njinga yake, kuliza, n'kutisiyira fumbi.

Tinagwirizana chonchi: funso likabwera, alembe zonse ziwiri mwachidule. Malamulo akuti ziwiri, imene ikugwira ntchito ndi imodzi. Ziganizo ziwiri, basi, apitirire. Ndinamulowezetsa ngati mwana wa Sitandade 1. Ankanena akutsuka mbale, ankanena akupita kusukulu.

Anapita kukalemba. Atabwerako ndinamuona akutsika njinga ya kabaza, ndipo ndinadziwa asanatsekule pakamwa.

Funsolo linabwera, koma silinafunse kuti ndi zingati. Linati afotokoze mmene lamulo limapangidwira, kuyambira poyamba mpaka kusainidwa, ndipo linali la malikisi ambiri, losati n'kulidumpha. Pa njira ya buluu, bilu, lamulo likadali lokambirana, imachoka kwa aphungu n'kupita ku Seneti isanafike kwa mtsogoleri wa dziko. Pa njira yofiira imachoka kwa aphungu n'kulunjika kwa mtsogoleri. Ziganizo zathu ziwiri zija sizinakwanire. Anayamba ndi buluu, pakati anachita mantha, anakhwatcha. Anayamba yofiira, anaona ngati yafupika kwambiri, ngati wasiya chinthu. Kenaka anajambula mzere pakati pa pepala la mayeso, monga m'kope muja, n'kulemba zonse ziwiri mokwanira. Akuti atadzutsa mutu, woyang'anira anali akunena kuti nthawi yatsala pang'ono, mafunso awiri akumapeto asanawakhudze. Ndipo anali mafunso a masamba ogwirizana aja, amene akanawayankha ali m'tulo.

Ndinatuluka panja, kukamenya chitini cha oilo ndi mwendo mpaka chala chinatupa. Kukalipira ndani? Iye anachita zimene munthu wosamala amachita.

Zotsatira zinatenga miyezi. Anakhoza maphunziro ena onse, Sosho anagwa. Pepala lako sakubwezera, ndiye mpaka lero sitidziwa ngati wochonga anapereka kanthu pa mzere uja, kapena anaukhwatcha wonse poti munthu wayankha pawiri, kapena anagwa chifukwa cha mafunso osayankha aja basi.

Pobwereza anati sadzajambulanso mzere. Koma kuti asajambule anayenera kusankha, ndipo chosankhira chinali chisanapezeke. Nthawi imene ankati Seneti idzayamba inali itayandikira, pawailesi ena akuti ikubwera, ena akuti ndalama zake kulibe. Tinakhalanso pakhonde paja ndi kope lomwe lija. Ndinkangomuwerengera zimene wandiuza kuti ndiwerenge. Tsiku lina anatseka mbali ya kumanja ya tsambalo ndi chikhatho n'kunena kuti, "Ndipita ndi amene ndinamumva ndi makutu anga." Anasankha buluu. Sindinamutsutse, sindinamuvomereze.

Funso la boma linabweranso, m'maonekedwe ena. Analemba za nyumba ziwiri, anamaliza pepala lonse nthawi isanathe, anabwera akumwetulira pang'ono. Zotsatira zitatuluka, dzina lake panalibe. Kaya chinamugwetsa ndi Seneti, kaya ndi inki yofiira ina imene inali yolakwika kuyambira ku chipinda kuja ife osadziwa, kaya ndi mantha, palibe anatiuza. Mnzake wa ku Chitala uja anakhoza ulendo woyamba womwe. Nditamufunsa kuti analemba chiyani pa funso lija, anati sakukumbuka bwino, anangolemba zimene zinabwera m'mutu.

Anaphunzitsabe kwa kanthawi, mpaka tsiku limene ahedi anamuitanira mu ofesi. Anabwera kunyumba ndi kadasitala kake ka nsanza ndi bolopeni yofiira ija, choko anasiya patebulo la ahedi. Mwezi wotsatira anayamba kugula usipa m'mawa padoko, kuyanika pathandala, kugulitsa kwa obwera ndi malole. Ana ake akale ankamupatsabe moni kuti "Madamu", ena mwa iwo ndi amene ankamugulitsa usipawo.

Tsiku lina masana ndili pansi pa mthunzi ndikulimbana ndi kabuleta ya injini, wailesi ili pambali, ndinamva akuti aphungu avota kuti Seneti ichotsedwe m'malamulo. Sinakhaleko ngakhale tsiku limodzi. Ndinasiya zonse, kuthamanga mumchenga wotentha mpaka pathandala pake.

"Mayi! Aichotsa! Seneti ija aichotsa! Tsopano ndi imodzi, m'buku ndi panja pomwe!"

Anali akutembenuza usipa ndi manja onse awiri, kuuwaza kuti usagwirane. Sanatembenuke msanga.

"Imodzi?"

"Imodzi basi. Yatha nkhani."

"Chabwino," anatero. "Mukafika kunyumba mukakhwatche kumanzereko. Kope lili pamwamba pa kabati."

Ndinaima pamenepo, thukuta likutsika, ndikudikira kuti anenenso kanthu. Analoza ndi chibwano kumapeto kwa thandala, kumene khwangwala anali atatera.

"Tandiingitsireni ameneyo, bambo, poti mwaima chabe."